Akuti ndilipire kaye kuti ngongole ituluke, ndi zoona zimenezi?

Nachisale: Muli bwanji nonse pa gulu pano. Ndithandizeni maganizo mwachangu chonde. Dzana ndinaona uthenga pa Facebook wa kampani yobwereketsa ndalama, analemba kuti ngongole imatuluka tsiku lomwelo, palibe chikole, ngakhale uli ndi ngongole kwina alibe nazo ntchito. Ine ndikufuna 300,000 yoti ndionjezere katundu pa geni yanga nde ndinawalembera pa WhatsApp, anandiuza nditumize chithunzi cha chiphaso changa ndi nambala ya akaunti, pasanathe mphindi 20 anditumizira kalata yokhala ndi sitampa kuti ngongole yavomerezedwa. Pano akuti ndilipire 27,000 ya inshulansi kuti ndalama zilowe lero lisanakwane 4 koloko. Akuti ndalamayo adzandibwezera ndikamaliza kubweza ngongole. Alipo amene anabwerekako mwa njira imeneyi?

Jeke: Achemwali musatumize. Aliyense wofuna ndalama asanakupatseni ndalama ndi wakuba basi, palibenso zokambirana apa

Mayi a Tadala: Iii 4 koloko ya chani? ndalama zake zimaola ngati mkaka kkkk

Nachisale: Akuti sisitimu yawo imatseka nthawi imeneyo ndipo ndikaphonya fomu yanga ifufutidwa ndiyambirenso

Madala Gondwe: Mayi Nachisale, ndisanayankhe ndifunse mafunso atatu. Ine ndinagwirapo ntchito yopereka ngongole zaka zingapo ndisanapume, ndiye izi ndazionako. Choyamba, 27,000 imeneyo akuti muitumize kwa ndani, ku akaunti ya dzina la kampani kapena ku nambala ya foni ya munthu? Chachiwiri, anakufunsani kuti mumapeza zingati pa mwezi, kapena kuona mmene geni yanu imayendera? Chachitatu, kodi iyi ndi ndalama yoyamba kukupemphani?

Nachisale: Ku nambala ya foni bambo, ndikalemba nambalayo likutuluka dzina la mzimayi, akuti ndi akauntanti wawo. Za zomwe ndimapeza sanafunse. Funso lachitatulo… ndinene zoona, dzulo ndinatumiza kale 15,000 yomwe ankati ndi yoyendetsera fomu. Ndinachita manyazi kulemba poyamba paja

Jeke: Ayayaya

Mayi a Tadala: Palibe cha manyazi achemwali, anthu amenewa amapusitsa ndi ophunzira omwe. Bola mwafunsa musanatumize yachiwiri

Madala Gondwe: Zikomo ponena zoona, chifukwa yankho lili pomwepo. Dzulo pokuuzani za 15,000 anatchulapo za inshulansi? Ndikudziwa kale kuti ayi. Wobwereketsa weniweni amakuonetsani zolipira zonse papepala limodzi musanasaine: ndalama yomwe mukubwereka, chiongoladzanja, fizi iliyonse, zomwe muzibweza mwezi ndi mwezi, ndi zonse pamodzi mukamadzamaliza. Sabisa china kuti achitulutse mawa. Awa akutulutsa kamodzikamodzi chifukwa akuyeza kuzama kwa thumba lanu. Mukatumiza 27,000 mawa kubwera msonkho, mkuja kubwera ya loya, ndipo iliyonse adzati iyi ndiyo yomaliza.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna muone ndi ichi. Iwo akuti ali ndi 300,000 yanu mmanja, yavomerezedwa kale. Nanga 27,000 akulephera bwanji kuidula pomwepo nkukupatsani yotsalayo? Kumene ine ndinkagwira tinkachita choncho. Tinene munthu wabwereka 300,000 ndipo fizi ndi 3 peresenti, imeneyo ndi 9,000, timadula, iye amalandira 291,000 mu akaunti, koma amabweza ngati watenga 300,000 yonse kuphatikiza chiongoladzanja. Inshulansi ya ngongole ilipodi, si bodza ayi, imathandiza kuti wobwereka akamwalira banja lisatsale ndi ngongole, koma nayonso imadulidwa pa ngongole pomwepo kapena imaphatikizidwa mu zobweza za pamwezi. Ndipo siimabwezedwa pamapeto ngati dipoziti. Tawafunsani kuti adule 27,000 pa 300,000 akutumizireni 273,000, muone zomwe ayankhe.

Nachisale: Ndafunsa pompano. Akuti sisitimu siilola kudula chifukwa ndalamazo zili zokiyidwa mpaka inshulansi ilipiridwe

Madala Gondwe: Ndi yankho lomwelo nthawi zonse, ngati amaphunzira kusukulu imodzi. Sangadule chifukwa palibe choti adulepo. 300,000 imeneyo ili pa kalata yokha basi.

Jeke: Nde si zomwe ndanena ine? ukangomva lipira kaye thawa

Anamasina: A Jeke pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Ine ndili mu SACCO zaka zisanu tsopano, polowa ndinalipira ndalama ya umembala, ndinagula masheya, ndinasunga miyezi ingapo ndisanaloledwe kubwereka, ndipo ngongole yanga imawerengedwa kutengera zomwe ndasunga. Ndiye ndinalipira kaye ndisanapatsidwe ngongole eti, kodi nawonso ndi akuba? Mukamanena chonchi anthu aziopa ndi malo abwino omwe

Jeke: Aaa imeneyo ndi nkhani ina amayi

Anamasina: Ndi ina bwanji, si mwati aliyense?

Madala Gondwe: Anamasina akunena zoona, lamulo la a Jeke ndi lothandiza koma lili ndi mabowo. Zilipo ndalama zomwe munthu amalipira ngongole isanatuluke mwachilungamo. Ukafuna ngongole ya nyumba kapena ukapereka malo ngati chikole, pamafunika katswiri akaone mtengo wa malowo ndipo nthawi zambiri amene umalipira ndiwe. Mabungwe ena obwereketsa ndalama zing'onozing'ono amafuna usunge kaye kagawo ka ngongoleyo kwa iwo. SACCO ndi momwe afotokozera Anamasinamu.

Kusiyana kwake muone komwe ndalamayo ikupita ndi chomwe mukugula nayo. Anamasina masheya awo ndi awo, alembedwa m'buku, ali ndi risiti, amadziwa khomo la ofesi, amapita ku msonkhano wa pachaka. Wolipira katswiri woona mtengo wa nyumba amalandira lipoti, ndipo palibe amene amamulonjeza kuti ngongole ituluka ndithu, banki ikhoza kukana ngakhale walipira. Pomwe apa Mayi Nachisale akugula chani ndi 27,000? Akugula lonjezo. Ndipo akulipira kwa munthu amene sanamuonepo, pa nambala ya foni, kwa kampani yomwe sinawafunse ngakhale funso limodzi la mmene adzabwezere.

Chimenechi ndiye chimandiuza zambiri kuposa fizi. Munthu amene akupereka ndalama zake zenizeni amakhala ndi mantha. Amafuna sitetimenti ya ku banki, pepala la malipiro, amafunsa kwa omwe amasunga mbiri ya ngongole za anthu, amafuna mboni, nthawi zina amabwera kudzaona geni ndi maso. Amatopetsa. Amene akukuvomerani mu mphindi 20 osafunsa kanthu alibe mantha chifukwa palibe chomwe akuika pachiswe.

Kondwi_92: Koma madala pali maapu ena amapereka ngongole mu mphindi ziwiri osafunsa kanthu ndipo ndalama zimalowadi, ine ndimatenga pafupipafupi

Madala Gondwe: Zoona achimwene, koma amakupatsani zingati koyamba? Kandalama kochepa, kenako amakweza mukamabweza bwino. Ndipo akufunsani ndithu kungoti simukumva, amaona mmene mumagwiritsira ntchito foni ndi ndalama zodutsa pa nambala yanu. Komanso kodi anakuuzanipo kuti tumizani kaye ndalama?

Kondwi_92: Ayi amangodula fizi yawo, chiongoladzanja chake ndiye chowawa koopsa

Bambo a Mphatso: Ine ndinabwerekapo kwa munthu 50,000 ndinabweza 100,000 mwezi umodzi, atandilanda mpaka wailesi. Anthu obwereketsa onse ndi mbava ndithu, boma lilowererepo

Mayi a Tadala: Bambo a Mphatso imeneyo ndi katapila, ndi nthenda ina. Uyo anakupatsani ndalama nkukudyerani masuku pamutu, awa sapereka nkomwe, amangotenga

Bambo a Mphatso: Zonse ndi kuba komweko

Mayi a Tadala: Chabwino bambo tavomera kkkk, koma tithandize kaye achemwaliwa nthawi ikutha

Nachisale: Koma abale chikundisokoneza ndi ichi. Anditumizira satifiketi ya laisensi yawo, ili ndi nambala ndi chidindo cha banki yaikulu ya dziko. Ndasaka dzina la kampaniyo pa intaneti ndipo ilipodi, ili ndi maofesi, anthu akuiyamikira. Nde zitheka bwanji kuti akhale akuba pomwe kampani ilipo?

Tiya wa IT: Apa ndiye ndilowepo. Kampaniyo kukhalapo si umboni woti amene mukucheza naye pa WhatsApp ndi wa kampaniyo. Amatenga dzina, logo, nambala ya laisensi ya kampani yeniyeni, chifukwa zonsezi zili poyera aliyense akhoza kukopera, nkungosintha nambala ya foni basi. Ku Britain bungwe loyang'anira za ndalama la FCA limachenjeza za zimenezi kawirikawiri ndipo limauza anthu kuti agwiritse ntchito nambala ya foni yomwe ili m'kaundula wa bungwelo, osati yomwe wapatsidwa ndi wokuimbirayo. Satifiketi yotumizidwa ngati chithunzi ine ndikhoza kukupangirani mu mphindi khumi ili ndi dzina lanu.

Nde chitani chonchi. Musadine linki iliyonse yomwe akupatsani. Lembani nokha webusaiti ya banki yaikulu kapena bungwe lomwe limapereka malaisensi kwa obwereketsa, pezani mndandanda wa makampani ovomerezeka, muone ngati dzinalo lilipo ndendende chilembo ndi chilembo. Likapezeka musasangalale kaye, pezani nambala ya kampaniyo kuchokera kumeneko kapena pa khomo la ofesi yawo, muimbe nokha, mufunse kuti kodi muli ndi fomu ya dzina langa, kodi nambala yakutiyakuti ndi ya wantchito wanu? Mukhala mutadziwa zoona pasanathe mphindi zisanu

Tiya wa IT: Komanso taonani tsamba la Facebook lomwe munaonapo uthengawo, pali malo omwe amaonetsa tsiku lomwe tsambalo linatsegulidwa komanso ngati linasinthapo dzina. Ambiri mupeza linatsegulidwa mwezi watha, kapena kale linali logulitsa nsapato. Imelo yawonso muione, kampani ya maofesi siilemba makalata a ngongole kuchokera pa Gmail

Nachisale: Ndaona, tsamba latsegulidwa masabata atatu apitawo. Koma mmunsi muli makomenti ambiri anthu akuthokoza kuti alandira

Jeke: Ndi iwo omwe amenewo achemwali, munthu mmodzi mafoni asanu

Tiya wa IT: Dinani pa maina awo muone, zithunzi ziwiri, anzawo khumi, ndipo onse akulemba chiganizo chofanana. Amene anaberedwa akalemba komenti imafufutidwa nthawi yomweyo

Esnala: Ndakhala ndikungowerenga koma ndifotokozeko yanga mwina ithandiza wina, chifukwa yanga sinali ya inshulansi ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa. Chaka chatha mwana anali mchipatala ndimafuna 500,000. Anandipatsa linki ya apu yawo, yooneka bwino kwabasi, ndinalembetsa, ndinaika nambala ya akaunti, ndipo mu apumo munaonekadi 500,000 pa dzina langa ndi batani loti tapani. Palibe fizi yomwe anapempha, nde ndinati awa ndi enieni. Nditadina batanilo panatuluka uthenga wofiira kuti nambala ya akaunti ndi yolakwika ndalama zaimitsidwa. Ndikuyang'ana ndikuona kuti nambala imodzi ndi yosiyanadi, pomwe panali 6 pali 8. Ndinadziimba mlandu ndekha kuti ndinalemba mothamanga.

Kenako anaimba bambo wina waulemu kwambiri, akuti mayi musadandaule zimachitika, koma malamulo amafuna muike 10 peresenti ya ngongole kuti titsimikize kuti akaunti ndi yanu, ibwerera pamodzi ndi ngongole. Ndiye kuti 50,000. Nditazengereza mawu anasintha, akuti mwasaina kale kontirakiti, ngongole yayamba kale kuwerengedwa, mubweza kaya mwatapa kaya simunatape, tikutengerani kukhoti chifukwa chopereka nambala yabodza. Ndinaopa abale. Ndinakongola kwa mlamu wanga nkutumiza. Itangolowa akuti ndatumiza 50,000 chabe pomwe sisitimu imafuna 50,000 ndi kandalama kena kapamwamba kuti izindikire, nde nditumizenso yonse kachiwiri. Pamenepo ndi pomwe maso anatseguka.

Patapita nthawi ndinapeza skirinishoti yomwe ndinajambula polembetsa, nambala ndinalemba bwinobwino, 6 ali pamalo pake. Anasintha okha

Mayi a Tadala: Mayo ine Esnala pepani. Mwana ali bwanji pano?

Esnala: Anachira mayi, zikomo. Ngongole ya mlamu ndi yomwe ndinamaliza mochedwa

Madala Gondwe: Pepani mwanawe. Nkhani yanuyi ili ndi phunziro lomwe ine sindinalitchule. Banki ikalandira nambala ya akaunti yolakwika, ndalama zimangobwerera kapena amakuimbirani kuti mukonze, palibe amene amalipira kuti akonze nambala. Ndipo za kukhotizo ndi zoopsezera chabe, ngongole yomwe simunalandire angakusumireni bwanji? Ayambe wadziulula yekha dzina ndi komwe amakhala pamaso pa woweruza? Sangayerekeze.

Mayi Nachisale konzekani, mukakana kutumiza nanunso akuopsezani chimodzimodzi. Ayamba ndi kunyengerera, atsitsa mtengo, kenako ukali.

Nachisale: Bambo mwalosera, andilembera kuti abwana awo andimvera chisoni ndingotumiza 15,000, yotsalayo ndidzamaliza ndalama zikalowa

Jeke: kkkkk sisitimu ija yatseguka tsopano? inshulansi yochita kunenerera ngati kaunjika

Kondwi_92: Ine funso langa ndi la maejenti. Pali anthu ena sanena kuti ndi obwereketsa, amati timakuthandizani kupeza ngongole ku mabanki mutilipire kangachepe. Amenewa tiwaike gulu liti?

Madala Gondwe: Limenelo ndi lovutirapo ndipo sindinama kuti lili ndi yankho limodzi. Ntchito yolumikizitsa wobwereka ndi wobwereketsa ilipo yovomerezeka m'maiko ena, ndipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain lamulo la ngongole la 1974 limati ngati ejenti wotere wakulipiritsa koma miyezi 6 yatha osapeza ngongole, angosunga mapaundi 5 okha zotsalazo akubwezere. Ku America ndi mlandu kulonjeza munthu ngongole pa foni nkumulipiritsa isanatuluke. Ndiye mukuona kuti ngakhale komwe amaloledwa, amawamanga manja chifukwa ndi pomwe akamberembere amabisala. Ine maganizo anga, ejenti alipidwe ngongole ikatuluka, asanatero ayi.

Anamasina: Koma ine ndikudziwa mnyamata wina amathandiza anthu kulemba mapulani a bizinesi ndi kudzaza mafomu a ngongole, amalipiritsa asanayambe, ndipo ndi wachilungamo. Ngongole ikakanidwa si vuto lake, ntchito wagwira

Madala Gondwe: Ameneyo akugulitsa ntchito yooneka, mukutuluka ndi pepala mmanja. Akangoyamba kunena kuti ndili ndi munthu mkati ngongole ituluka ndithu, wasintha gulu.

Jeke: Ine olo ameneyo sindingamupatse, fomu ndidzaza ndekha

Anamasina: Si onse amatha a Jeke

Tiya wa IT: A Nachisale china chofunika kuposa 15,000 ija. Munawapatsa chani china kupatula chiphaso ndi nambala ya akaunti? Anakupemphani pini, kapena kakodi kaja kamabwera pa meseji? Munaika apu iliyonse mu foni?

Nachisale: Pini ayi. Koma mmawa uno kunabwera meseji ya manambala 6 ndipo anati ndiwawerengere kuti atsimikize nambala yanga, ndinali mu minibasi netiweki inaduka sindinawauze mpaka pano

Tiya wa IT: Netiweki imeneyo muithokoze. Musawapatse ndithu. Tawerengani mesejiyo bwinobwino yachokera kuti, mupeza kuti ndi ya WhatsApp yanu kapena ya akaunti yanu ya ndalama, kutanthauza kuti wina akuyesa kulowa ngati inu. Kakodi kameneko ndi kiyi wa chitseko, wobwereketsa alibe nako ntchito. Kuti akutumizireni ndalama amangofuna nambala ya akaunti basi, pini ndi kodi ndi zotulutsira ndalama osati zolowetsera. Akalanda WhatsApp yanu ayamba kulembera abale anu kupempha ndalama mdzina lanu, ndipo chithunzi cha chiphaso ali nacho kale chowatsimikizira nacho.

Sinthani pini lero, pa WhatsApp tsegulani chitetezo cha pini yachiwiri chija chili mu zosintha za akaunti, ndipo muuze a banki yanu kuti chiphaso chanu chili mmanja mwa anthu achinyengo

Nachisale: Ndawerenga, ndi ya WhatsApp. Thupi langa lazizira

Esnala: Ine apu ija inapempha kuona manambala onse a mu foni ndi zithunzi, ndinangovomera osaganiza

Tiya wa IT: Chimenechonso ndi chizindikiro. Kuyambira 2023 Google inaletsa maapu a ngongole a pa Play Store kupempha manambala a anthu a mu foni ndi zithunzi, chifukwa ena ankazigwiritsa ntchito pochititsa anthu manyazi kwa abale awo. Nde apu ya ngongole ikamabwera pa linki ya WhatsApp nkumapempha zimenezi dziwani kuti yadutsa njira ya kuseri. Osati kuti zonse za pa Play Store ndi zoyera ayi, laisensi muionebe

Bambo a Mphatso: Nanga 15,000 ya mayiwa ibwera bwanji?

Madala Gondwe: Apa tisanamizane. Mwayi ndi wochepa, chifukwa ndalama zikangolowa amazitapa kapena kuzisamutsira ku nambala ina nthawi yomweyo, ndipo dzina la mzimayi lomwe likutulukalo mwina ndi la munthu amene anangobwereketsa chiphaso chake kapena kuberedwa, sakudziwa nkomwe. Komabe imbani lero lomwe ku kampani yomwe munatumizira ndalamayo, muwapatse nambala ya risiti ija ya pa meseji, nthawi ndi nambala yomwe inalandira. Nthawi zina ngati ndalama zikadalimo amatha kuziimitsa, ndipo ngakhale zitalephereka nambalayo ikhoza kutsekedwa. Kenako kupolisi, mutenge umboni wonse. Jambulani maskirinishoti musanawabuloke, chifukwa iwo akaona kuti mwazindikira amafufuta mameseji mbali zonse.

Jeke: Kupolisi kungotaya nthawi ndi ya thiransipoti, 15,000 yapita basi

Mayi a Tadala: Ayi a Jeke, lipotilo ndi lofunika chifukwa cha chiphaso chija, mawa wina akakatenga ngongole kapena kulembetsa simu ndi dzina lawo adzaonetsa chani?

Jeke: Pamenepo ndagonja

Thandizo Mwachangu: Moni mayi pepani ndi zomwe zakuchitikirani. Ife timathandiza anthu oberedwa pa intaneti kubweza ndalama zawo mu maola 24, tili ndi akatswiri otsata nambala. Ndilembereni ku inibokosi, kutsegula failo ndi 5,000 yokha

Mayi a Tadala: Hahaha abale taonani, afika mpaka muno!

Jeke: Aise ukuwerenga nkomwe zomwe tikukamba?? kulowa mnyumba ya maliro nkuyamba kugulitsa mabokosi

Esnala: Awa anandipezanso ine patangotha sabata, ndipo ankadziwa ndendende kuti ndinataya 50,000 pomwe sindinauze aliyense kupatula mlamu. Ndi gulu lomwelo kapena amagulitsana maina

Adimini: Ndamuchotsa. Analowa dzulo usiku. Aliyense amene walemberedwa ku inibokosi ndi munthu ameneyu asayankhe

Kondwi_92: Koma zinthu zake eee. Ine ndimayesa zimenezi ndi zatsopano za mafoni

Tiya wa IT: Ndi zakale amwene, kale zinkabwera pa makalata ndi pa imelo, zija ankazitcha 419 potengera gawo la malamulo a ku Nigeria lonena za chinyengo. Nthawi imeneyo nyambo inali chuma cha munthu womwalira, pano ndi ngongole chifukwa ofuna ngongole ndi ambiri ndipo amakhala ali pa changu

Nachisale: Ndabwera ndi malipoti. Ndapeza dzina la kampani pa mndandanda wa ovomerezeka, lilipo, ndaimba nambala yomwe ili pa webusaiti yawo yeniyeni. Mtsikana amene wayankha ndisanamalize nkomwe kufotokoza wati mayi si inu oyamba, ife sitipereka ngongole pa WhatsApp ndipo sitilandira ndalama pa nambala ya munthu. Dzina langa mulibe mu kompyuta yawo. Wati ngati ndikufunadi ngongole ndipite ndi chiphaso, sitetimenti ya miyezi itatu ndi mboni, ndipo zimatenga masiku angapo komanso akhoza kundipatsa yocheperapo kuposa 300,000 kutengera geni yanga

Madala Gondwe: Mwamva kusiyana kwake? Uyu wakuuzani kuti akhoza kukupatsani yochepa. Mukapita mukafunse ndalama yomwe ilowe mmanja mwanu akadula zonse, ndi yonse yomwe mudzabweze pamodzi, akulembereni manambala awiri amenewa musanasaine. Kukhala ndi laisensi sikutanthauza kuti ndi wotchipa.

Bambo a Mphatso: Mukapeza chiongoladzanja chake mutiuze, ine ndikukaikabe onsewa

Nachisale: Ndikuuzani bambo. Ku kampani ya foni andipatsa nambala ya dandaulo akuti ndidikire masiku angapo, sanalonjeze kanthu. Uja wa WhatsApp wayamba kale, akuti ndaphwanya kontirakiti ndipo loya wawo andiimbira mawa 8 koloko

Jeke: Loyayo akaimba mumuuze atumize kaye 15,000 yoyankhira foni

Esnala: Kkkk a Jeke. Achemwali mwajambula kale zonse? Jambulaninso pomwe pakuoneka nambala yake osati dzina lokha, ine ndinaiwala zimenezo apolisi anandibweza

Nachisale: Ndikujambula pompano, kenako ndimubuloka. Koma chiphaso changa chija ndiye chikundisowetsa mtendere, palibe njira yoti achifufute?

Tiya wa IT: Palibe achemwali, chapita chimenecho. Lipoti la kupolisi mulisunge bwino, ndipo abale anu apafupi muwauze lero kuti akalandira meseji yopempha ndalama mdzina lanu ayambe akuimbirani kaye